Mapepala a matesiti omwe anachongedwa kale, angandithandize pokonzekera mayeso omaliza?

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni maganizo. Ndili chaka choyamba pa koleji ina muno mu Mzuzu, ndikupanga za akawunti, mayeso a kumapeto kwa semesita atsala masabata atatu. Kwathu matesiti ndi ma asayimenti amatenga 40, mayeso omaliza 60, kukhoza ndi 50. Ine ndili ndi 19 pa 40 ndiye ndikufunika 31 pa 60 kuti ndisalembe sapu, ndipo sapu ndikuyiopa zedi chifukwa fizi akundilipirira ndi amalume. Ndili ndi matesiti awiri ndi ma asayimenti awiri omwe anatibwezera, ndimangowasunga mu chikwama osawatsegula chifukwa cholembera chofiira chija chimandiwawa mtima. Dzulo ndinayesa kuwawerenga koma ndikayang'ana funso yankho ndikuliona kale pompo ndiye ndikumva ngati zonse ndikuzidziwa, pomwe tsiku la tesiti ndinalakwa. Kodi alipo amene anawagwiritsapo ntchito mapepala oterewa nkumuthandiza? Mumatani nawo kwenikweni?

Mnyamata wa ku Chibavi: Aise loweza basi, malekichara ambiri amabwereza mafunso a mu tesiti. Ine chaka chatha funso lina linabwera chimodzimodzi.

Anti wa ku Katoto: Mwana wanga, kuwerenga pepala lochongedwa ukuona yankho si kuphunzira ayi, maso amangolizindikira koma dzanja silinaphunzire kanthu. Ndinapanga akawunti kalekale ndipo pano ndimathandiza ana madzulo. Tandiuza funso limodzi lomwe unalakwa, ulembe monse mmene linaliri komanso zomwe iwe unayankha, tionere pamenepo.

Wobisa dzina: Zikomo anti. Linali la malikisi 6, la dipurisiyeshoni, kuwerengera mmene mtengo wa katundu umatsikira akamagwira ntchito. Kampani inagula makina a K2,400,000 pa 1 Epulo, chaka chawo chimatha pa 31 Disembala, 20 peresenti pa chaka, njira ya ridyusing'i balansi, kuwerengera miyezi yomwe makinawo agwira ntchito. Amafuna ya zaka ziwiri zoyamba. Ine ndinalemba K480,000 chaka choyamba, K480,000 chachiwiri. Anandipatsa 1 pa 6, anangozunguliza manambala onse awiri osalembapo kanthu.

Anti wa ku Katoto: Eya, apa pali zolakwa ziwiri ndipo ndi zosiyana mtundu, nchifukwa chake ndimafuna uone wekha. Choyamba sunawerenge tsiku. Kuchokera Epulo kufika Disembala ndi miyezi 9, ndiye chaka choyamba ndi

```
2,400,000 x 20% x 9/12 = 360,000
```

Uku sikusadziwa, ndi phuma, maso anadumpha mawu oti 1 Epulo. Chachiwiri ndiye chachikulu, chaka chachiwiri unawerengeranso pa mtengo wogulira ngati kuti ndi sitireti layini. Pa ridyusing'i balansi umayamba wachotsa zomwe zatha kale, nkuwerengera pa zotsalazo

```
2,400,000 - 360,000 = 2,040,000
2,040,000 x 20% = 408,000
```

Ichi ndiye chofunika kubwerera ku manotsi, chifukwa zikuonetsa kuti njira ziwirizi zasakanikirana mmutu mwako. Ukanangoloweza kuti yankho ndi 360,000 ndi 408,000 monga akunenera mnzakoyo, pa mayeso akangosintha nkunena kuti makina anagulidwa pa 1 Okutobala wagwanso pomwepo.

Ndiye upange chonchi. Kopera mafunso okha pa pepala lina, lochongedwalo ulibise kaye. Khala pansi ulembe ngati uli mu holo, manotsi otseka, foni kutali, kalukuleta yokha. Nthawi uziyeza. Ngati mayeso anu ndi a maola atatu pa malikisi 100, ndiye kuti malikisi amodzi ali ndi mphindi zosakwana ziwiri, funso la malikisi 6 lisapyole mphindi 11. Ukamaliza ndi pomwe utulutse lakale lija nkufananiza, ndipo pambali pa funso lililonse ulembe chomwe chinakugwetsa, kaya sunadziwe, kaya sunawerenge bwino funso, kaya nthawi inakuthera. Pakapita masiku atatu ulembenso omwe unalakwa okhawo koma usinthe manambala ndi mwezi. Ukakhoza kawiri motsatizana ndi manambala osiyana, lisiye upite kwina.

Mnyamata wa ku Chibavi: Komatu anti sindikunama, amabwereza ndithu

Anti wa ku Katoto: Sindikukutsutsa mwanawe, kafunsidwe kake kamabwereradi chifukwa wolemba mayeso nthawi zambiri ndi yemweyo analemba tesiti, ndiye pepala lako limakuonetsa mmene amakondera kufunsa ndi pomwe amaika malikisi. Koma kubwera chimodzimodzi ndi mwayi chabe, munthu wofuna 31 pa 60 sangadalire zimenezo.

Che Bizinesi Taifa: Amene akufuna mapasi pepa a zaka zammbuyo ndimapanga fotokope mtauni, mtengo wabwino, ndipezeni ku inibokosi

Wobisa dzina: Ayi achimwene, sindikunena mapasi pepa, ndikunena mapepala anga omwe ndinalemba ndekha semesita ino.

Mtsikana wa ku Luwinga: Ine ndingokuchenjezani chimodzi chomwe chinandichitikira. Ndinadalira kwambiri matesiti anga, ndinawabwereza mpaka ndimakhoza onse, kulowa mmayeso ndinapeza kuti pafupifupi theka la pepala ndi matopiki omwe tinaphunzira masabata omaliza, omwe sanabwerepo mu tesiti iliyonse chifukwa tesiti yachiwiri tinalemba tisanawafike. Ndinatuluka ndikulira mpaka pa depoti. Tengani kosi autilaini muchonge topiki iliyonse yomwe inabwerapo mu tesiti kapena asayimenti, zotsala zopanda chizindikirozo ndi zomwe mapepala anuwo sangakuthandizeni olo pang'ono, zimenezo muzifunire mafunso mu buku kapena mapasi pepa omwewo.

Wobisa dzina: Iii mwandikumbutsa, banki rikonsiliyeshoni tangomaliza sabata yatha ndipo sinabwerepo paliponse. Nanga ma asayimenti? Imodzi inali ya pagulu tinapeza 16 pa 20 koma kunena zoona ine ndinangopanga gawo limodzi, zina anapanga anzanga. Inayo anangolemba 11 pa 20 pamwamba basi, sindikudziwa pomwe ndinalakwa.

Anti wa ku Katoto: Ya paguluyo ndiye yoopsa chifukwa 16 ameneyo akukunamiza. Magawo omwe sunagwire uwalembe wekha kuyambira pachiyambi ngati funso latsopano, ubwino wake yankho labwino uli nalo kale loti ufananize. Ya 11 yo, usangoyibwereza wekha, udzabwereza zolakwa zomwezo osadziwa. Peza mnzako amene anakhoza kwambiri muike mapepala pamodzi mzere ndi mzere, kapena upite nayo kwa aphunzitsi ako ndi funso lolunjika, osati kuti bwanji mwandipatsa 11 koma kuti pa nambala 2 apa ndinayenera kuonetsa chiyani.

Dada wa ku Chiputula: Zoyerekeza ndi pepala la mnzako zimatheka ku akawunti poti yankho ndi limodzi. Ine ndimapanga za uphunzitsi, zathu ndi zolemba nkhani zazitali, anthu awiri mutha kupeza 15 nonse koma mwalemba zosiyana kwambiri. Ndinayesapo kulembanso asayimenti yonse ya masamba asanu, zinandidyera masiku awiri ndipo sindikudziwa ngati zinandithandiza. Pano ndimangotenga mutu wake nkulemba mfundo zanga mu mphindi 10 osayang'ana, koma ndani angandichongere kuti zili bwino?

Mtsikana wa ku Luwinga: Dada limenelo ndi vuto langanso, ife timasinthana ndi mnzanga koma tonse ndife ophunzira, nthawi zina timangogwirizana pa zolakwika

Wobisa dzina: Yewo chomene nonse. Anti ndalembanso lija, ndasintha kukhala K3,000,000, 1 Okutobala, 20 peresenti yomweyo. Ndapeza K150,000 chaka choyamba, chachiwiri K570,000, mu mphindi 9. Zili bwino?

Anti wa ku Katoto: Zili bwino mwana wanga. Lachisanu ulembenso ndi manambala ena, koma ulendo uno uwonjezere chaka chachitatu, unditumizire.