Ma voisi noti a Chifalansa: anthu akungowerenga papepala, nditani?

Mwale wa ku Kamuzu Road:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga mutu wanditentha. Ndili ndi kalasi ya madzulo ya anthu 14 kuno ku Salima, ambiri ogwira ntchito m'maloji a ku Senga Bay, ena akukonzekera mayeso a Chifalansa a DELF A2. Timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi basi, ndiye ndinati masiku enawo aliyense azinditumizira voisi noti pa WhatsApp. Funso ndimalemba pagulupu m'mawa, iwo ayankhe pofika 8 koloko usiku. Zomwe zikubwera si zoyankhula ayi, ndi zowerenga. Mnyamata wina woperekera zakudya ndinamufunsa "Qu'est-ce que vous avez fait dimanche ?", wanditumizira mphindi imodzi ndi masekondi 40 osadodoma ngakhale pamodzi, koma m'kalasi ziganizo ziwiri zimamukanika. Komanso "beaucoup" watchula ndi p kumapeto, "ils mangent" wati "manjenti", chonsecho pakamwa amatchula bwinobwino poti anamvera kwa alendo. Ena asiyiratu kutumiza, atsala 6. Ine ndikugona mochedwa kumvetsera zinthu zosathandiza. Wina anathana nazo bwanji izi?

A Mbewe:
A Mwale, zojambulazo zisiyeni. Aimbireni foni. Mphindi ziwiri pamunthu, mufunse ayankhe pompo. Kuyankhula n'kuyankhana, munthu sangaphunzire kuyankhula akuyankhula yekha kuchipinda.

Che Saidi, Nkhotakota:
Nane zinandivutapo. Kuno nthawi ya mwera sumva kanthu, mphepo imangoti fuuu pa maiki. Auzeni azijambulira m'nyumba, foni ikhale chapambali pa kamwa osati kutsogolo. Wina ankajambula ali pakabaza, wina pafupi ndi chigayo. Zikatero r ndi l sungazisiyanitse n'komwe.

Mwale wa ku Kamuzu Road:
Che Saidi mawu akumveka bwino kwambiri, mpaka pepala ndikulimva likutembenuzidwa. Vuto ndi kuwerengako. A Mbewe anthuwa amagwira mashifiti, wina amaweruka 10 koloko usiku. Ndiimbire anthu 14 tsiku lililonse ndi mayunitsi a ndani?

Madamu Nabanda:
A Mwale, ana anuwo sakuba ayi, akuchita zomwe dongosolo lanu likuwalola. Mwawapatsa funso lolembedwa, maola 12 oti aganize, ndiponso simunawaikire malire a kutalika. Munthu wamkulu amene safuna kuchita manyazi pamaso pa anzake apagulupu alemba basi. Ndikanakhala ine ndikanasintha zinthu izi.

Funso lisamalembedwe, muzilijambula ndi mawu anu, masekondi 10 kapena 15. Akalimva ndi khutu amayamba kale kugwira ntchito ndi mawu osati zilembo. Ndipo lizikhala la zomwe zachitika lero, zoti sangakopere m'buku. Za "présentez votre famille" zili m'buku lililonse ndipo aliyense analoweza kale. Mnyamata wanu woperekera zakudyayo mufunseni chonchi:

```
Ce matin, vous êtes venu au travail comment ?
Vous avez payé combien ?
```

Apo mwamukakamiza passé composé ya être ndi ya avoir, komanso manambala a ndalama omwe amawafuna patebulo la alendo. Yankho lake ndi ziganizo zinayi kapena zisanu, sizifuna ndime.

Pepala musaliletse, mulichepetse. Ine ndimalola mawu asanu okha papepala, osati ziganizo. Mwachitsanzo vélo, marché, en retard, deux mille, fatigué. Ajambule chithunzi cha kapepalako atumize limodzi ndi voisi. Ngakhale pa DELF A2 amapatsidwa mphindi 10 zokonzekera ndipo amaloledwa kulemba timfundo, ndiye mukuwazoloweza zomwe akakumane nazo. Chomwe sakakhala nacho kumeneko ndi ndime yathunthu yoti aziwerenga.

Chimene chimagwira kwambiri ntchito ndi funso lachiwiri. Akatumiza, muyankhe ndi kafunso kamodzi kochokera m'zomwe wanena. Wati anachedwa, inu "Pourquoi en retard ?" Ayankhe masekondi 15. Amene anawerenga amaonekera pomwepo, chifukwa liwiro la yankho lachiwiri silifanana ndi la loyamba, ndipo nthawi zina samvetsa n'komwe zomwe iye mwini wanena.

A Mbewe:
Madamu, funso lachiwirilo ndiye foni yomwe ndikunenayo, kungoti mwaichedwetsa. Nanga akalandira funso lanulo chimuletsa n'chiyani kukalembanso? Aimbireni.

Gondwe:
Njira ilipo yosavuta. Funso mutumize ngati voisi ya view once, alimve kamodzi basi, ndipo ayankhe mphindi zisanu zisanathe. Wochedwa ziro. Pepala ayi, ngakhale mawu asanuwo. Ine a Chingerezi anga ndimawatero ndipo kuwerenga kunatheratu.

Madamu Nabanda:
Achimwene a Gondwe, za nthawi yochepa ndikugwirizana nanu, koma a Chingerezi anu akhala akuchimva kuyambira ku pulayimale. Wa A2 wa Chifalansa kumva funso kamodzi kokha, theka la kalasi silimvetsa, ndiye mukhala mukuyesa khutu osati pakamwa. Ndiponso mphindi zisanu ku Lifuwu kapena ku Chipoka, netiweki ikathawa kapena magetsi akazima foni n'kuthima, mwalanga munthu wosalakwa. Ine ndimawerenga kuyambira pomwe wamvera funso, WhatsApp imaonetsa pa Info kuti wasewera nthawi yanji, ndipo ndimapereka mphindi 20. Za ziro ayi. Awa ndi anthu olipira okha, mukawapatsa ziro amangosiya kubwera.

Chikondi, TTC:
Pepani kulowerera, ndine wamng'ono pano. Pali chinanso choti mutchere khutu. WhatsApp imalola kuimitsa kujambula n'kupitiriza, ndiye ena amajambula chiganizo chimodzi, aime, ayang'ane papepala, apitirize. Mukamvetsera ndi mahedifoni phokoso lakumbuyo limadumpha. Tambala amayamba kulira n'kudukira pakati, kapena wailesi ya aneba imalumpha mawu. Wanga wina ndinamugwira choncho.

Mwale wa ku Kamuzu Road:
Eya zimenezo ndazimva kwa awiri! Ndimaganiza kuti ndi foni yanga. Koma Madamu, ndikawachotsera ndime zawozo abwera ndi masekondi 45 a "eee… eee…" okhaokha. Pamenepo ndikonza chiyani?

Madamu Nabanda:
Ma "eee" amenewo ndi omwe mukufuna, ndi umboni woti mutu ukufufuza mawu. Auzeni poyera kuti voisi yopanda kudodoma simuilandira. Kenako aphunzitseni zodzazira za Chifalansa, euh, alors, bon, attendez, kuti asamangoti zii.

Kuti kudodomako kuzichepa gwiritsani 4/3/2, ija Paul Nation analembapo mu 1989, yonena nkhani imodzimodzi katatu nthawi ikucheperachepera, mphindi 4, kenako 3, kenako 2. Kwa a A2 mphindi 4 n'zambiri, ine ndimadula kukhala masekondi 60, 45 ndi 30. Ajambule zonse zitatu motsatizana osafufuta yoyamba. Inu mumvetsere yoyamba ndi yomaliza. Yoyamba imakuuzani chomwe chikusowa, yomaliza imakuuzani ngati wachipeza yekha. Koma chenjerani, njirayi imawonjezera liwiro, siikonza zolakwa. Amene wati "j'ai venu" koyamba adzatinso "j'ai venu" katatu konse, ndipo kachitatu adzanena molimba mtima. N'chifukwa chake cholakwa chotere muchikonze tsiku lomwelo, mawa lake funso likhale lofuna être yomweyo, monga "Vous êtes rentré à quelle heure ?"

Ndipo muzikonza chinthu chimodzi patsiku. Mnyamata wanuyo mukamuuza za p ya beaucoup, za -ent, za être ndi za u tsiku limodzi, mawa abwerera kupepala kuti asalakwenso. Sabata ino sankhani être. Za katchulidwe musankhe zokhazo zosokoneza tanthauzo pantchito yake. Ife l ndi r timazisakaniza chifukwa m'Chichewa sizisintha tanthauzo, koma iye akati "lit" pofuna kunena "riz" mlendo amva bedi m'malo mwa mpunga. Chimodzimodzi dessus ndi dessous. Zimenezo mumujambulire inu mawu awiriwo motsatizana, iye abwereze, masekondi 10 zatha.

A Mbewe:
Zonsezi zikanatheka pafoni mphindi ziwiri. Ine ndaphunzitsa Chifalansa kuyambira nthawi ya makaseti. Tinkawapatsa kaseti akajambule kunyumba, ankabwera atawerenga chimodzimodzi. Chasintha ndi makina okha. Pa DELF woyesa amakhala patsogolo pako, amakudula mawu, amakufunsa zomwe sunayembekeze. Voisi noti siikudula mawu.

Madamu Nabanda:
Pa gawo la kukambirana mukunena zoona bambo Mbewe, voisi siingalowe m'malo mwake, ndipo a Mwale azichita zimenezo m'kalasi Lachiwiri ndi Lachinayi. Koma mayeso omwewo ali ndi monologue suivi, pafupifupi mphindi ziwiri munthu akuyankhula yekha. Imeneyo voisi imakonzekeretsa bwino.

Mayi Nachisale, Dwangwa:
Ine langa ndi chenjezo lina. Za 8 koloko usikuzo zisintheni. Kuno mphunzitsi mnzathu wina zinamuvuta, mayi wina wapabanja ankatumiza mavoisi usiku ku inibokosi yake m'chiyankhulo chomwe bambo akunyumba samva, bambowo anafika pamalo ophunzirira atakwiya kwambiri ndipo mayiyo anasiya sukulu. Panalibe choipa chilichonse, ankanena za mitengo ya tomato. Ikani nthawi ya masana, ndipo amayi afunseni okha ngati akufuna gulupu kapena inibokosi. Ena foni ndi ya amuna awo, amaigwira madzulo okha.

Gondwe:
Komatu pagulupu ndi pomwe amachita manyazi n'kuyamba kulemba. Ndipo woyamba akatumiza, otsatira amangokopera ziganizo zake.

Chikondi, TTC:
Nanga timagulu ta anthu atatu atatu? Aliyense afunse mnzake funso lachiwiri lija, aphunzitsi azingomvetsera. Sindinayesepo ndi akuluakulu koma.

Mayi Nachisale, Dwangwa:
Bola musasakanize bwana ndi wantchito wake kagulu kamodzi. Ndipo mavoisi a anthu asamatumizidwe kwina. Wina akangomva kuti mawu ake aseketsa anthu ku loji, simudzamumvanso.

Che Saidi, Nkhotakota:
Za bandulo musadandaule nazo, voisi ya mphindi imodzi siifika ndi theka la MB. Chimene chimadya ndi mavidiyo omwe amatumizirana pagulupu lomwelo. Tsekani kuti pazikhala zakalasi zokha. Komanso musamamvetsere pa 2x pofuna kufulumira, u ndi ou zimamveka chimodzimodzi.

Mwale wa ku Kamuzu Road:
Chabwino. Ndiye funso la mawu, mawu asanu papepala, 60/45/30. Koma ndawerengetsa, yoyamba ndi yomaliza ndi masekondi 90 pamunthu, anthu 14 ndi mphindi 21, osawerengera funso lachiwiri ndi kuyankha. Madamu inu mumayankha aliyense tsiku lililonse? Nanga 8 asiya aja ndiwabweze bwanji?

A Mbewe:
Asanu ndi atatuwo aimbireni foni.

Gondwe:
Mwa njira, alipo akudziwa ngati gawo lotsatira la DELF alembetsa kale? Ndili ndi mlamu wanga akufuna B1.

Che Saidi, Nkhotakota:
Nanenso ndimve nawo zimenezo. Komanso amene ali ndi mabuku akale a A2 oti sakuwagwiritsa ntchito andiuze, ndidutsa ku Salima Loweruka.