Avareji ya Fomu 3B ikutuluka patatu, ndipo ana awiri a 65 ali ndi magiredi osiyana

Wa Bayoloje, sukulu yoyendera: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni malipoti asanapite kwa makolo Lachisanu. M'kaundula muli ana 48, atatu sanalembe mayeso ndipo ndawalembera AB. Nditawonkhetsa malikisi a mayeso pa mapepala ndi kakyuleta ndapeza 2,430, ndagawa ndi 45, avareji 54.0. Koma Excel ikunena 53.3, pomwe achiwiri kwa ahedi apeza 50.6. China, kwathu timatenga magawo 40 pa 100 a ntchito ya m'kati mwa teremu ndi 60 a mayeso, ndipo giredi 3 imayambira pa 65. Ana awiri akuoneka ndi 65 onse, koma wina wapatsidwa 3, mnzake 4. Kodi vuto lili pati?

Wa Chichewa, Fomu 4: Madamu, nkhani za magiredi musavutike nazo nokha. Mwana akaona kuti giredi yake si yoona amapempha ku MANEB kudzera kwa ahedi kuti amuonerenso pepala.

Wa Bayoloje: Ayi bambo, awa ndi mayeso a pasukulu pano otsekera teremu. Mapepala ndachonga ndine, ali pa tebulo panga.

Wa Masamu, wakalekale pa ntchito: Tiyambe ndi 50.6, chifukwa iyo njosavuta. Tengani 2,430 mugawe ndi 48, mupeza 50.6. Achiwiri kwa ahedi awonkhetsa bwino, kungoti agawa ndi ana onse a m'kaundula, ndiye kuti atatu osalembawo awawerenga ngati apeza ziro.

Ya 53.3 ndiyo ikundikayikitsa. Musanayang'anenso avareji, funsani kaye kompyutayo kuti ikuona manambala angati. Ngati malikisi a mayeso ali mu C2 mpaka C49, lembani izi m'mabokosi opanda kanthu, mutiuze zomwe zituluke:

```
=COUNT(C2:C49)
=COUNTIF(C2:C49,"AB")
=SUM(C2:C49)
```

Yoyamba iyenera kupereka 45, yachiwiri 3, kuti pamodzi zikwane 48. Yachitatu iyenera kufanana ndi 2,430 yanu ija.

Wa Bayoloje: Yoyamba yapereka 43, yachiwiri 3, yachitatu 2,294. Komatu mabokosi onse ndi odzaza, ndawerenga ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Wa Masamu: Ndiye ana awiri kompyuta sikuwaona. Chotserani 2,294 pa 2,430, patsala 136, amenewo ndi malikisi a ana awiriwo. Ndipo 2,294 mukaigawa ndi 43 ikupereka 53.3 yanu ija ndendende. Manambala awiri alowa ngati mawu, ndipo SUM ndi AVERAGE zimadumpha mawu mwakachetechete monga mmene zadumphira AB. Yang'anani malikisi omwe atsamira kumanzere kwa bokosi anzake onse ali kumanja. Nthawi zambiri pamakhalanso kachizindikiro kobiriwira pa ngodya yapamwamba.

Wa Bayoloje: Ndawapeza! Ndi 71 ndi 65, a atsikana awiri omwe anabwera pakati pa teremu, mizere yawo inawonjezeredwa pansi penipeni. Koma bwanji magiredi awo anatuluka bwinobwino?

Wa Masamu: Mpamene vutoli limabisalira. Mukachulukitsa bokosi lotere ndi 0.6, Excel imalisandutsa nambala payokha, choncho malikisi omaliza a mwana amakhala olondola ndipo palibe amene amakayika. Avareji ya kalasi yokha ndiyo imalakwika. Dinani pa kachizindikiro kaja musankhe Convert to Number. Apo ayi, sinthani mabokosiwo kuchoka pa Text kupita pa General kenako mulembenso nambalayo, chifukwa kungosintha osalembanso sikukonza kanthu.

Wa Jogalafe: Ife kuno magetsi ndi osadalirika, timachita zonse pa pepala, ndipo ndimaona kuti 2,430 yanuyonso muyenera kuitsimikiza, musaikhulupirire chifukwa choti ndi ya kakyuleta. Ine ndimawonkhetsa ana khumikhumi, kulemba chiwerengero cha gulu lililonse pambali, kenako mnzanga amayambira pansi kupita pamwamba. Tikasiyana timabwereza gulu limodzi lokha. Ndipo kusiyanako kukakhala kogawika ndi 9, ndimayamba kufufuza nambala yotembenuzidwa. Mwana wa 63 akalembedwa 36, kusiyana ndi 27.

Wa Bayoloje: Zikomo bambo. Nditakonza awiri aja SUM yapereka 2,430 ndipo avareji ndi 54.0, zagwirizana ndi pepala. Tsopano za 65 zija.

Wa Fizikisi, wachinyamata: Izo ndi madesimo obisika, madamu. Sankhani mzere wonse wa D, wa malikisi omaliza, mudine Decrease Decimal mpaka atheretu, zikhala bwino.

Wa Masamu: Achimwene, matenda mwawatchula bwino koma mankhwalawo ayi. Batani limenelo limangobisa madesimo m'maso mwathu, nambala ya mkati imakhala yomweyo, ndipo mwina ndilo linabweretsa chisokonezochi. Madamu, dinani Increase Decimal kamodzi mutiuze malikisi a ana awiriwo.

Wa Bayoloje: Wa giredi 3 ali ndi 65.2, wa giredi 4 ali ndi 64.6. Onse anapeza 70 pa ntchito ya teremu, pa mayeso wina 62, wina 61.

Wa Masamu: Zikugwirizana. 70 kuchulukitsa ndi 0.4 ndi 28. Wa 61 akuwonjezera 36.6 kukhala 64.6, wa 62 akuwonjezera 37.2 kukhala 65.2. Tebulo lanu likunena kuti 60 mpaka 64 ndi giredi 4, 65 kukwera ndi 3, ndipo silinena kanthu za mwana amene ali pakati pa 64 ndi 65. Kompyuta yaona kuti 64.6 sinafike pa 65, yamusiya mmunsi, koma pa lipoti kholo liwerenga 65 pambali pa giredi 4. Nambala yomwe kholo likuona iyenera kukhala yomweyo yomwe yabala giredi. Ngati malikisi a ntchito ya teremu ali mu B, ine ndimatero mu D ndi mu E:

```
=ROUND(B2*0.4+C2*0.6,0)
=VLOOKUP(D2,$H$2:$I$10,2,TRUE)
```

Tebulo la mu H ndi I liyambire pa 0 ndi giredi 9 kukwera m'mwamba, mu H mulembe poyambira pa giredi iliyonse. Likasanjidwa mozondoka limatha kupereka magiredi olakwika popanda chenjezo. Mukamaliza, yesani pa mzere wopanda mwana: mu D lembani 64, kenako 65, muchite chimodzimodzi pa malire onse asanu ndi atatu, muone ngati giredi ikusinthira pomwe iyenera. Pa ana a AB mutuluka #VALUE!, amenewo alembereni AB ndi manja.

Wachiwiri kwa ahedi, sukulu yogonera: Njirayo ndaimva, koma musaigwiritse ntchito nokha, madamu. Ngati inu mukweza 64.6 kukhala 65 pomwe wa Chingerezi akusiya 39.6 kukhala giredi 9, mwana wina akhoza pa malikisi omwe mnzake walepherera, ndipo Chingerezi tonse tikudziwa kuti popanda icho palibe satifiketi ya MSCE. Ana amazolowera zomwe akuona pa lipoti. Kwathu tinagwirizana kuti sitikweza, timadula madesimo, 64.6 imalembedwa 64. Nkhaniyi ipite ku msonkhano wa aphunzitsi, ilembedwe pansi pa tebulo la magiredi. Za 50.6 nazonso sindikuzitaya. Mwana wodwala ndi AB, koma wothawa mayeso dala ine ndimamupatsa ziro, apo ayi kalasi yomwe ofooka ake ajomba imaoneka ngati yachita bwino.

Wa Masamu: Pa kudula madesimo sindikuvomereza, mayi, chifukwa mwana wa 64.9 mukumulanda pafupifupi maliki athunthu. Koma zoti lamulo likhale limodzi pa maphunziro onse, pamenepo tili limodzi.

Wa Bayoloje: Pansi pa pepala ndilemba kuti olemba 45, osalemba 3, avareji 54.0 ya olemba okha. Za 64.6 ndikaonana ndi ahedi mawa m'mawa. Mwa atatu a AB aja, awiri anabweretsa mabuku a kuchipatala, wachitatu sanabwerebe kusukulu. Ameneyo ndimulembere chiyani?