Ndingathamange mtunda wanji pa mphindi 30?

Anzanga ndithandizeni masamu awa, mutu waima. Ndikufuna ndizithamanga mphindi 30 pa liwiro la 6:30 pa kilomita, ndiye ndinagawa 30 ndi 6.3 pa foni, yandipatsa makilomita 4.76. Koma mnzanga akuti ndalakwitsa, akuti 6:30 si 6.3 koma 6.5 poti masekondi 30 ndi theka la mphindi, iye akupeza 4.6. Zoona ndi ziti apa?

Nanga ndikasankha 5:45 ndilembe bwanji, ndigawe 45 ndi 60 kaye kuti ikhale 5.75? Chinanso, mphindi 5 zoyambirira ndimapita pang'onopang'ono miyendo isanatenthe, mwina 8:00 pa kilomita, ndiye izozo ndiziwerengere padera kenako ndiphatikize kapena pali njira yachidule?