Ndithandizeni kalata yopita kwa a landilodi, denga likudontha ndipo kuka ikugwira shoko

Membala wosatchula dzina:
A gulu moni nonse, adimini chonde bisani dzina langa chifukwa mwana wa a landilodi athu mwina ali mom'muno. Ndimakhala pa mafulati ena ake ku Blantyre mbali ya Naperi, chipinda cham'mwamba, ine ndi ana awiri. Chiyambireni mvula denga likudontha ku kitchini ndi kukolido, siling'i yafufuma mpaka yachita mabala akuda, madzi ena amatsikira pa babu penipeni. Poyamba mvula ikagwa buleka imagwa yokha, ndinawauza a landilodi anatumiza mnyamata wawo, anatsegula bokosi la mabuleka lija wagwiragwira nkunena kuti zatheka. Zoonadi buleka sikugwanso koma pano kuka ikumandigwira shoko ndikakhudza poto, sinki nayonso imachita nyerenyere manja akanyowa, ndipo soketi ya filiji yada m'mbali ikumanunkha pulasitiki wopserera. Ndikawaimbira amangoti tibwera Loweruka, Loweruka lake silifika. Lendi ndimalipira bwinobwino pa Airtel Money. Ndaganiza zolemba kalata ndiye ndalemba chonchi:

"Bambo, ndatopa nanu. Nyumba yanu ikudontha paliponse ndipo magetsi ake ndi oopsa, mukufuna tife kaye ndi pomwe mubwere? Mukapanda kukonza sindilipiranso lendi."

Ndiitumize chonchi kapena ndisinthe pati? Sindikufuna kusamuka panopa sukulu ya ana ili pafupi komanso ndalama ya dipoziti kwina ndilibe.

Achimwene Fred wa Magetsi:
Asisi kalata idikire kaye, ine ntchito yanga ndi yomweyi ndipo zomwe mwafotokozazi zandiimitsa mutu. Buleka ija imagwa chifukwa madzi amafika pa majointi a mawaya m'siling'imo, imagwira ntchito yake, siinali yoonongeka ayi. Mnyamatayo mwina waidumphitsa ndi waya kapena waikapo ina yaikulu kuti isamagwe. Ndiye pano chokutetezani palibe. Kuka kugwira shoko ndiye kuti magetsi akuthawira ku chitsulo chake ndipo waya wa efi sukuwatengera pansi, mwina unaduka mwina sunalumikizidwe nkomwe. Lero lomwe zimitsani buleka ya kuka ndi ya mababu a kukolido, filiji muichotse pa soketi yakudayo, soketi ikada choncho ndiye kuti waya wakhwepa mkati ukumatentha, moto wambiri wa m'nyumba umayambira pomwepo. Mukazimitsa zimenezo sinki nkumachitabe nyerenyere, zimitsani meni yonse. Ana asakhudze mpopi ali osavala nsapato. Bokosilo musatsegule chivundikiro chake nokha, jambulani kunja kokha.

Membala wosatchula dzina:
Eee achimwene mwandiopsa. Ndazimitsa kuka, tiphikira pa mbaula. Mu bokosimo muli ina yaikuluko yolembedwa 30mA ili ndi kabatani ka T, imeneyo ndi chani?

Achimwene Fred wa Magetsi:
Imeneyo ndiye yopulumutsa munthu, magetsi akangothawira kolakwika pang'ono pokha imayenera kuzimitsa nyumba yonse nthawi yomweyo. Dinani ka T ko magetsi ali oyaka, manja ouma. Ikagwa ndiye kuti ili moyo. Ikapanda kugwa ndiye yafa kapena anaidumphitsa, ndipo jambulani vidiyo mukudina, umenewo ndi umboni woti a landilodi sangautsutse.

Membala wosatchula dzina:
Ndadina katatu sikugwa.

Mayi a Tadala:
Landilodi ndi chonchi onse mwana wanga, ine wanga ku Chilobwe ndinangosiya kulipira miyezi iwiri anabwera yekha ndi malata pa wilibala. Musataye nthawi ndi makalata, thumba likawawa amamva.

Chisomo K.:
Mayi a Tadala zinakuyenderani inuyo koma musawapusitse anzanu. Ndinagwirako ntchito ku ofesi yoyang'anira nyumba za lendi, munthu akangolemba yekha kuti "sindilipiranso" wawapatsa eni nyumba chogwira. Nkhani imatembenuka, sikhalanso ya denga imakhala ya ngongole ya lendi, ndipo pepala lomwe munalemba nokha ndi lomwe adzanyamule popita ku khothi. Chiganizo chimenecho chichoke. "Ndatopa nanu" nayonso ichoke, osati chifukwa simunatope koma kalatayi muziilemba mukuganiza kuti tsiku lina adzaiwerenga munthu wachitatu amene sakukudziwani inu kapena a landilodi, kaya wa ku khansolo kaya majisitireti. Munthu ameneyo akufuna aone tsiku lomwe vuto linayamba, malo ake enieni, tsiku lomwe munawauza, ndi chomwe mukupempha. "Paliponse" si malo. Komanso magetsi ndi denga musaziphatikize tsiku limodzi, denga akhoza kunamizira kuti akudikira mvula ikate kaye, koma magetsi alibe chonamizira. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi, masikuwo muikemo anu enieni:

"Okondedwa Bambo,

KUDONTHA KWA DENGA NDI VUTO LA MAGETSI PA FULATI YOMWE NDIKUKHALA

Ndine amene ndikuchita lendi pa fulati yanu ya m'mwamba ku Naperi, ndipo lendi yanga ndalipira mpaka mwezi uno. Kuyambira pa 2 Disembala denga likudontha ku kitchini ndi kukolido. Siling'i yafufuma ndipo madzi akutsikira pa babu la kukolido. Ndinakudziwitsani pa foni pa 4 Disembala komanso pa 18 Disembala.

Munthu amene munatumiza pa 20 Disembala atagwira bokosi la mabuleka, kuka ndi sinki zinayamba kugwira shoko, soketi ya filiji yapserera, ndipo buleka yotetezera sikugwa ndikadina batani loyesera. Panopa sindikugwiritsa ntchito kuka. M'nyumbamu muli ana awiri.

Ndikupempha kuti mutumize wamagetsi wokhala ndi chiphaso pasanathe masiku atatu kuchokera lero, komanso kuti denga likonzedwe pasanathe masiku 14. Ndidzakhalapo kuti ndiwatsegulire mukandiuza tsiku. Ngati simungathe m'masiku amenewa, ndiloleni polemba kuti ndipeze amisiri ndekha, ndikuonetseni mtengo musanavomere, ndipo ndalamayo ichotsedwe pa lendi. Ndikapanda kumva yankho ndidzakadziwitsa a zaumoyo ku khansolo ya mzinda. Zithunzi ndaphatikiza.

Ine wanu,"

Basi, dzina, tsiku, siginecha. Musaonjezere mbiri ya moyo wanu.

Bambo Nyirenda:
Kalata yabwino koma za magetsizo si za landilodi, imbirani a ESCOM abwere adzakonze ndi ntchito yawo, mayunitsi timagula aja ndi a chani.

Achimwene Fred wa Magetsi:
Bambo Nyirenda pang'ono pokha mwalondola. A ESCOM mbali yawo ndi kuchokera pa polo kufika pa mita, kuchoka pamenepo kulowa m'nyumba ndi za mwini nyumba. Nthawi yomwe mungawaitane ndi ngati aneba a mafulati enawo nawonso akugwidwa shoko kapena mababu awo akumawala kwambiri kenako nkuzilala, pamenepo vuto likhoza kukhala pa waya wobwera ku nyumba yonse. Asisi funsani a pansi panuwo ngati zikuwachitikira. Ndipo a Chisomo pa "wokhala ndi chiphaso" muonjezere kuti chiphaso cha MERA, apo ayi adzatumiza mnyamata yemwe uja atavala ovolosi yatsopano. Wamagetsi weniweni akabwera amayeza efi ndi makina, amakwera m'siling'i kukaona majointi, amayesa buleka inu mukuona. Wongobwera ndi tesita ndi tepi wakuda mubwezeni. Ndakumanapo ndi majointi okulungidwa ndi jumbo ya shuga m'siling'i, nyumba yooneka bwino kunja.

Gift Malata & Zitseko:
Malata a IBR alipo mitundu yonse mtengo wabwino timabweretsa mpaka pakhomo, ndipezeni ku inibokosi.

Nabanda:
Inu a Gift nyumba si yawo mwawerenga koma? 😂 Asisi ine changa ndi kaperekedwe. Ndinalembapo kalata yokongola nkuipereka kwa mlonda wa pa geti, patapita mwezi a landilodi akuti sanaione. Sindikizani ziwiri, imodzi muwapatse pamanja inayo asaine ndi kulemba tsiku kuti alandira, ikhale yanu. Akakana kusaina pitani ndi munthu wamkulu woti adzachitire umboni, kenako ijambuleni muitumizenso pa WhatsApp, ikaonetsa kuti awerenga mujambule sikirini yomweyo asanafufute. Ngati lendi mumalipira kwa ejenti naye mumpatse yake. Mameseji a Airtel Money aja musafufute, amenewo ndiwo malisiti anu.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. A Chisomo chomwe chikundiopsa ndi pa khansolo paja, bambo amenewa ndi aukali akangoona mawu amenewo andipatsa notisi. Neba wina anadandaula za thanki ya chimbudzi mwezi wotsatira anamukwezera lendi mpaka anachoka yekha. Ndichotse mzere umenewo?

Chisomo K.:
Munasainirana pepala polowa? Ngati lilipo onani malo awiri, pomwe akunena za wokonza zinthu zikaonongeka ndi pomwe akunena za notisi. Ambiri amalemba kuti denga ndi mawaya ndi za mwini nyumba, inu zanu ndi mababu ndi zomwe mwaswa nokha. Kunena zoona kalata singawaletse kukupatsani notisi ngati atsata zomwe munagwirizana, chomwe sayenera kuchita ndi kukutulutsirani katundu panja kapena kukhoma loko paokha, zotulutsa munthu mokakamiza zimadzera ku khothi, ndipo zikafika pamenepo a Legal Aid Bureau, othandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, ali ndi ofesi mu Blantyre momwemo. Mzere wa khansolo mukhoza kuusunga kuti udzalowe m'kalata yachiwiri masiku aja akadutsa. Ine ndikanausiya momwemo chifukwa pali ana.

Nabanda:
Ine ndikuti auchotse kaye. Yoyamba ipite yaulemu, munthu waukali ukamuopseza poyambirira amaumirira dala. Komanso a khansolo kuti afike pakhomo panu pamafunika kuwalondola, si lero ndi lero.

Mayi a Tadala:
Nanga akavomera pakamwa kuti konzani tidzachotsera pa lendi, osalemba? Poti anthu amenewa kulemba amakuopa.

Chisomo K.:
Pamenepo mukangomaliza kuyankhulana muwatumizire meseji kuti "monga tagwirizana lero, ndikonza magetsi pa mtengo wakuti ndipo ndichotsa pa lendi ya Febuluwale, ndiyankheni ngati zili choncho". Akayankha ngakhale "chabwino" yekhayo wakwana. Asanayankhe musagule ngakhale msomali, ndipo malisiti a zipangizo ndi a mmisiri musunge.

Membala wosatchula dzina:
Pepala lilipo ndalipeza, akuti notisi ndi mwezi umodzi koma za kukonza sanalembepo chilichonse. Ndafunsa a pansi akuti iwo shoko sakuimva koma khoma la kuchipinda kwawo lanyowa kuchokera m'mwamba, akuti akhoza kusaina nawo kalatayo. Kodi tikasaina awiri zimathandiza kapena a landilodi aziona ngati ndawaukira ndi gulu? Achimwene Fred kungoyeza kokha osakonza mumatchaja zingati, ndikufuna ndikhale ndi pepala la zomwe mwapeza ndisanapite nayo Lolemba.

Achimwene Fred wa Magetsi:
Zimatengera kukula kwa nyumba, nditumizireni chithunzi cha bokosilo ku inibokosi tikambirane. Koma muwauze kaye a landilodi pa meseji kuti mukubweretsa munthu wodzayeza, angadzanene kuti mawaya awaononga ndi wamagetsi wanu. Kuka ikhalebe yozimitsa mpaka ndifike.