Malire a manyutirofilo akutikanira, tipange athu?

Moni akuluakulu nonse a mu labu. Ndili pa labu ina ku Zomba, tangoyamba kuyeza mitundu isanu ya maselo oyera pa mashini atsopano, koma malire a manyutirofilo amene anabwera ndi mashiniwo, 2.0 mpaka 7.0 x10^9/L, sakugwirizana ndi anthu athu.

Tinatsatira CLSI EP28, anthu athanzi 20, opanda HIV, malungo tinayezanso palibe, ndiye 5 anagwera pansi pa 2.0 pomwe lamulo limalola awiri basi. Tinatenganso ena 20, 4 pansi. Kontirolo ili bwinobwino, masampulo a EDTA timayeza asanathe maola anayi, ndipo silaidi pa maikulosikopu ikugwirizana ndi mashini. Ine ndikuganiza ndi zija za Duffy, poti anthu akuda ambiri manyutirofilo amakhala otsika chibadwire, koma madokotala ayamba kale kudandaula kuti tikuwaopsezera anthu osadwala.

Ndiye tikati tipange athu ndi anthu 120, kudula pa 2.5% ndi 97.5%, amuna ndi akazi tiphatikize kapena 120 mbali iliyonse? Nanga opereka magazi angaimire anthu wamba, poti ambiri ndi anyamata? Amene munapangapo tithandizeni chonde.