Za dimba la maungu ku Linthipe: tigule ming'oma kapena mankhwala?

Mlembi: Abale, a kumudzi akuti maungu a m'dimba la gulu ayanga bwino, maluwa ali mbwee, koma timaungu tikumachita chikasu n'kuthothoka. Ndalama yotsala ingakwane chimodzi: ming'oma iwiri ya njuchi kapena mankhwala opopera.

Bambo wa ku Chipoka: Ndi mbewu imeneyo. Munadzala yaimuna yambiri, ngati zimachitikira ndi mapapaya. Zulani yosabalayo.

Mayi wa ku Khombedza: Pepani bambo, musazule. Dzungu silili ngati papaya, tsinde limodzi limatulutsa maluwa a mitundu yonse iwiri. Lalimuna limakhala pa kaphesi kakatali kowonda, pakati pake pali kamutu ka mungu wachikasu. Lalikazi kaphesi kake n'kakafupi, ndipo kunsi kwake kumakhala kadzungu ngakhale lisanamasule. Aamuna ndiwo amayamba, aakazi amabwera patapita sabata imodzi kapena awiri, ndipo amakhala ochepa. Duwa lalimuna silidyera mmera chakudya chambiri, pomwe lalikazi likufuna masamba okwanira kulera dzungu. Kusiyana kwa nthawi yotulukirako kumachititsanso kuti mungu uzichokera ku mitsinde ina, ngakhale wa tsinde lomwelo umagwira. Dzuwa la Okutobala la kwathu kuno limachulutsanso aamuna.

Msungichuma: Koma mphepo ya kunyanja singauluze munguwo? Chimanga chimabereka popanda mng'oma.

Mayi wa ku Khombedza: Wa chimanga ndi wouma ngati fumbi. Wa dzungu ndi wolemera, womata, gwirani muone m'chala. Njuchi ikalowa kufuna timadzi totsekemera pansi pa duwa imatuluka ili psuu, n'kukaupaka pa timitu titatu ta m'duwa lalikazi. Ulendo umodzi sukwanira. Mungu ukachepa nthanga zimachepa, dzungu limapindika kapena kugwa. Ndipo duwalo limamasula mbandakucha, pofika masana lafota, mawa lake silitsegukanso.

Mlamu wa ku Senga Bay: Mayi akunena zoona, koma tisathamangire njuchi. Ng'ambani timaungu 10 takugwato. Mukaona kabala ngati kobaya ndi singano, mkati muli mphutsi, imeneyo ndi ntchentche ya zipatso, mng'oma suthandiza. Kopanda mphutsi, kongofota kuyambira kumene kunali duwa, ndiko kosowa mungu.

Agogo: Nanga chiluwe tisiye kudya?

Mayi wa ku Khombedza: Ayi agogo, thyolani aamuna okha, chakumasana njuchi zitatha ntchito. Mlembi, yesani izi: 6 koloko m'mawa thyolani lalimuna longomasula, sadzulani zachikasu za kunjazo, kamutu kotsalako mukhudzitse timitu tonse titatu ta lalikazi. Chitani maluwa 20, mumange kansalu kachizindikiro pa lililonse. Pakatha masiku anayi kapena asanu, kogwira kamakhala katayamba kufufuma. Amenewa akagwira ambiri pomwe ena akugwabe, tikusowa njuchi.

Msungichuma: Ming'omayo tiika pati? Njira ya ana a sukulu yadutsa pomwepo. Komanso oyandikana nafe amapopera tomato m'mawa, nthawi yomwe njuchi zili pa maluwa.

Mlembi: Za kupopera tikawapempha azichita madzulo. Za njira sindinapeze yankho. Ndalama zisatuluke mpaka Loweruka, tione kaye zansaluzo.