Gulu la banja: denga la nyumba ya agogo

Malume a ku Joni: Mwaswera bwanji nonse. Ndatsegula PDF watumiza Tadala ija. Pa tsamba lachitatu palembedwa "Malata 60%". Ndiye kuti malata ambiri mwagula kale? Ngati zili choncho ndiyambe ndalipira lendi kuno, zanga nditumiza mwezi wamawa.

Tadala: Ayi malume, sitinagule ngakhale limodzi. Pamenepo ndimatanthauza kuti malata okha akudya 60% ya ndalama zonse. Ndinafotokoza pa msonkhano Lamulungu.

Malume a ku Joni: Lamulungu ine ndinali pa shifiti mphwanga.

Mayi aang'ono a ku Leeds: Inenso netiweki inandidula pakati. Nanga "Njira B" pa tsamba lachinayi ndiye chiyani? Njira A sindikuiona paliponse.

Mayi aakulu a ku Zomba: A kunali kumata pamene pakudontha. B ndi kusasula denga lonse n'kukhoma latsopano. Tinagwirizana B chifukwa mmisiri anapeza kuti matabwa a kuchipinda kwa amayi adyedwa ndi chiswe.

Mayi aang'ono a ku Leeds: Zachiswezo ndikuzimva lero achemwali!

Chikondi: Tadala, ntchito wagwira, koma masilaidi amenewa unakonzera anthu amene akukumva ukulankhula. Tsopano akuwerengedwa pa foni, iwe kulibe. Tiwalembenso usiku uno asanapite kwa ena.

Tadala: Achemwali, ku koleji anatiphunzitsa kuti pa silaidi pazikhala mawu ochepa. Mukufuna ndidzaze ndime zonse?

Chikondi: Anakuphunzitsa zoona, koma zimenezo zimagwira ukaima kutsogolo, pakamwa pako n'kumamaliza zimene silaidi yayamba. Apa palibe womaliza. Yamba ndi mutu. Tsamba lachitatu mutu wake walemba "Bajeti". Mawu amenewo akungotchula nkhani, sakunena kanthu. Lemba chiganizo chathunthu: "Denga lonse lidya K2,400,000, tili ndi K900,000, yatsala K1,500,000." Munthu ngakhale atawerenga mutu wokhawo ali m'minibasi, nkhani waimva.

Malume a ku Joni: Eya, zimenezo ndiye zanga. Ukanatero lendi sindikanaitchula n'komwe.

Chikondi: Ndiye pansi pake mfundo zinayi basi, iliyonse inene chinthu, kuchuluka kwake ndi mtengo:
• Malata 40 a geji 28, limodzi K36,000, onse K1,440,000
• Matabwa olowa m'malo mwa odyedwa ndi chiswe, K500,000
• Misomali ndi waya, K110,000
• Malipiro a mmisiri, K350,000
60% ija ichoke. Peresenti yopanda kunena kuti ndi ya chiyani, aliyense amaimva mmene akufunira. Malume anaimva kuti ndi malata ogulidwa, wina akanati ndi ndalama zosonkhedwa. Komanso manambala anayiwo munthu akawaphatikiza yekha afike pa K2,400,000 ya pamutu ija. Akapanda kufika, mafunso ayamba oti yotsalayo yapita kuti, ndipo m'banja mafunso amenewo satha msanga.

Mayi aakulu a ku Zomba: Onjezanipo kuti mitengoyi tinafunsa ku Dedza boma pa 2 Sepitembala. Zinthu zikukwera, mawa wina asadzati ndadya ndalama.

Chikondi: Zoona amayi. Mzere umodzi pansi: "Mitengoyi ndi ya pa 2 Sepitembala, ku Dedza boma." Tsiku lilembedwe ndi dzina la mwezi. Ukalemba 2/9, wina awerenga kuti 9 Febuluwale.

Tadala: Koma zachiswe zija ndi zambiri ndinazilemba kale m'kabokosi ka Notes pansi pa silaidi iliyonse.

Chikondi: N'chifukwa chake sanazione. PowerPoint ukasandutsa PDF mwa nthawi zonse imatenga masilaidi okha, za mu Notes zimatsala pa laputopu yako. Chimene munthu akufunika kudziwa kuti atulutse ndalama chikhale pa silaidi penipeni. Tsamba lachinayi mutu wake ukhale: "Tasankha kusintha denga lonse chifukwa matabwa adyedwa ndi chiswe." Pansi mizere iwiri: "Kumata kokha sikungathandize, misomali sigwiranso m'matabwa ofumbwa" ndi "Ntchito ithe mvula isanayambe mu Novembala". A ndi B zichoke, amene sanali pa msonkhano zilembo zimenezo sazidziwa.

Mayi aang'ono a ku Leeds: Tsamba lomaliza ndiye landiseketsa. "Zopereka: posachedwa." Posachedwa pa malume ako ndi Khirisimasi.

Malume a ku Joni: Iwe usandiyambe. Denga la khitchini lija anakhoma ndani?

Mayi aakulu a ku Zomba: Zakale zisiyeni. Chikondi pitiriza.

Chikondi: Tsamba lomalizalo ndi limene limabweretsa ndalama, ndiye liyankhe zinayi: ndani, zingati, kwa yani, pofika liti. "Khomo lililonse mwa makomo 6 litumize K250,000 kwa Mayi aakulu a ku Zomba pofika pa 30 Sepitembala." Pansi pake njira yotumizira, Airtel Money kapena Mpamba, ndi dzina limene lituluke pa foni potumiza kuti munthu atsimikize.

Mayi aang'ono a ku Leeds: Mundilembereko mu mapaundi.

Chikondi: Amayi aang'ono, bola ayi. Mtengo wosinthira umasiyana tsiku ndi tsiku komanso malinga ndi kumene mukutumizira. Tikalemba mapaundi kapena marandi, kufika kuno zipelewera, kenaka mkangano. Tilembe kuti "Kuno ifike K250,000, ndalama yotumizira ndi yanu."

Tadala: Ndasintha. Koma pa tsamba lachitatu mawu sakukwana, ndachepetsa zilembo kufika pa 12.

Chikondi: Usachepetse. Malume akuwerengera pa foni, maso awonso mukuwadziwa. Pa laputopu 12 imaoneka, pa foni munthu mpaka akoke ndi zala. Siya pa 24 kapena kuposa, zikakana kukwana ligawe tsambalo pawiri: lina la ndalama zonse, lina la zogula. Ukatha dzitumizire pa WhatsApp, utsegule pa foni yako. Chinanso, pamwamba pa tsamba lililonse pakhale kamzere koti "Denga la agogo, Dedza". Anthu amajambula tsamba limodzi n'kutumizira amuna awo kapena ana awo lokhalokha, limakafika lopanda anzake.

Tadala: Ndatumiza yatsopano.

Chikondi: Ife tisaiweruze, nkhani tikuidziwa kale, mipata tikhala tikutseka ndi mitu yathu. Alamu a ku Mzuzu sanali pa msonkhano ndipo pano sanalankhule. Alamu, tawerengani mutiuze zimene mwamva, osafunsa munthu.

Alamu a ku Mzuzu: Ndinali chete koma ndimatsatira. Ndawerenga PDF yokha. Denga lonse lisinthidwa chifukwa cha chiswe, pakufunika K1,500,000, khomo lililonse K250,000 pofika pa 30. Koma makomo 6 amenewa ndi ati? Ine ndi akazi anga tili khomo patokha, kapena tili pansi pa apongozi ku Zomba? Ndipo K900,000 ija inachokera kwa yani? Amene anapereka kale aperekanso?

Mayi aakulu a ku Zomba: Ija ndi ya m'thumba la banja, yotsala chaka chatha. Si ya munthu mmodzi. Makomo ndi a ana a amayi asanu ndi mmodzi, adzukulu muthandiza makolo anu.

Chikondi: Tadala, ziwirizo zilowe. Makomo uwatchule mayina onse pa tsamba lomaliza, ndipo pa K900,000 uwonjezere "ya m'thumba la banja".

Tadala: Chabwino. Fayilo yatsopano ndiitcha "Denga la agogo 4 Sepitembala". Yakale ija fufutani nonse, ingasokoneze.

Malume a ku Joni: Ikafika nditumiza Lachisanu ndikalandira. Achemwali, nambala yanu ya Mpamba idakali yomwe ija?

Mayi aakulu a ku Zomba: Yomweyo. Mmisiri ndimuuza mawa kuti asalandire ntchito ina sabata yoyamba ya Okutobala.